Matiki abuluu a Lachinayi: kankhani kanga, mundiuze pamene palakwika

Nachisale_wa_Linga

Abale anga a pagulu pano, ndalemba kankhani kakafupi ndipo ndikufuna mukawerenge inu amene mumadziwa za nyanja ndi za mafoni. Mafunso anga ndi awiri. Kodi zimene zikuchitika m'menemu n'zotheka? Nanga pa anthu awiriwa walakwa ndani? Ndakalemba ndine, koma funso lachiwirili likundisowetsa tulo. Kankhaniko ndi aka.

Tiyamike ndi Limbani anamatchana pa Tinder kumayambiriro kwa Julayi. Mtsikanayo ankaphunzitsa sitandade 6 pa sukulu ina kufupi ndi boma la Nkhotakota, mnyamatayo ankakhala ku Senga Bay. Patatha masiku anayi anapatsana manambala n'kusamukira pa WhatsApp, poti bandulo yake ndi imene onse awiri ankaikwanitsa. Sabata yoyamba ankaitanana kuti "inu". Sabata yachiwiri, akutsutsana za amene amaphika bwino mpunga wa kilombero, Limbani analemba kuti "iwe ndiye ukunama", kenaka anagwira mpweya. Yankho linabwera: "Iwenso." Kuyambira pamenepo "inu" sanamvekenso.

Za ntchito, Limbani anangoti amachita geni ya nsomba. Sananame, koma sananene zonse. Boti linali la amalume ake, ndipo mlovi wina akadwala, iyeyo ndi amene ankagwira injini usiku wonse.

Lachinayi la sabata yachitatu, nthawi ili 4:50 madzulo, Tiyamike analemba uthenga umene anaulemba n'kuufufuta katatu asanautumize. "Loweruka ndikubwera ku Salima kudzaona azakhali. Ngati uli ndi mpata tingaonane." Pa 4:52 matiki awiri anasanduka abuluu.

Limbani anauwerenga ataima pa doko, anzake akukweza ukonde wa chilimira ndi zigubu za petulo m'boti. Mtima unadumpha. Anayamba kulemba kuti "Eya", n'kuona kuti mawu amodzi ndi ochepa kwa munthu amene walimba mtima chotere. Anafuna kusankha malo abwino ndi nthawi, anafunanso kuyamba wamuuza zoona zake za boti. Batire linali pa 4%. Amalume anakuwa dzina lake. Anazimitsa foni, anaisiya pa kashopu kotchajitsa mafoni, nati mumtima ndiyankha mbandakucha tikakocheza.

Pa 9 koloko usiku Tiyamike analemba kuti, "Wagona?" Tiki imodzi. Anaika foni pansi pa pilo, anaitulutsa, anaibwezeranso.

Pakati pa usiku mwera unadzuka. Nyali za pa bwato zinazima, chilimira anachikoka mothamanga chilibe kanthu, ndipo boti linathawira kumpoto motsatana ndi mafunde. Kunawachera ali pa gombe lachilendo, petulo atatsala wa pansi pa chigubu.

Lachisanu pa nthawi yopuma ana, Tiyamike anaona kuti tiki ija yakhala iwiri. Masana anatsegulanso, ndipo pansi pa dzina la Limbani panalembedwa kuti online. Anayang'anitsitsa mawuwo mpaka anachoka. Palibe chimene chinabwera. Madzulo analemba uthenga wautali, wa mizere khumi ndi iwiri, anautumiza, kenaka anaufufuta kwa onse. Analembanso wina, anaufufutanso. Wachitatu anausiya: "Pepani ngati ndakuvutitsani. Zabwino zonse." Anachotsa chithunzi chake pa WhatsApp. Anatsegula Tinder, chala chinafika pa Unmatch, koma mnzake wogona naye nyumba imodzi anamuitana kuti nsima yapsa.

Loweruka pa 7 koloko m'mawa Limbani anafika pa doko milomo itasweka ndi mphepo. Anatenga foni. Anapeza This message was deleted kawiri, ndi "Pepani" uja pansi pake. Chithunzi panalibe. Chimene chinamulasa si kutsanzikako ayi, koma "ni" wa pa "ndakuvutitsani". Anaganiza kuti mwina wina wamuuza mphunzitsiyo kuti mnyamata wake ndi msodzi wamba, ndiye wabwerera m'mbuyo. Anakhala pa mchenga nthawi yaitali. Kenaka analemba kuti "Tiya", kungofuna kuona. Matiki anabwera awiri. Anadina kamaikolofoni n'kuyankhula masekondi 40, mawu ali osasa, kumbuyo kukumveka azimayi akutsutsana mtengo wa usipa.

Tiyamike anamvera ali m'minibasi, foni ataikanikiza kukhutu. Anamveranso kachiwiri itadutsa pa Benga. Sanayankhe kwa mphindi 30. Kenaka analemba: "Ndadutsa pa Khombedza. Usazimitsenso foni."

Kathera pamenepo. Musandinyengerere.

Kampango77

Walakwa Limbani basi. Uthenga wauwerenga, zala uli nazo. "Ndiyankha mawa, ndili pa ntchito" ndi mawu angati? Batire la 4% limatumiza zimenezo kakhumi.

Mai_a_Mapasa

Mwanawe, mnyamata ameneyo umusiye. Munthu wobisa ntchito yake amabisanso mkazi kunyumba. Ndiwe mphunzitsi, uli ndi tsogolo, usathamangire anthu a pa foni. Ku tchalitchi kwanu anyamata kulibe?

Nachisale_wa_Linga

Amayi, zikomo chifukwa chondidera nkhawa, koma si nkhani yanga ayi, ndi yopeka. Tiyamike ndi Limbani kulibe. Komabe mawu anu okhudza kubisa ntchito ndawagwira, chifukwa pamenepo ndi pamene inenso ndikuona kuti pali chilonda.

Mai_a_Mapasa

Oho, ndinayesa ndiwe. Ndiye walemba bwino poti ndakhulupirira. Koma ngakhale ali wopeka ndikanamukalipira.

Wamafoni_Kamuzu_Road

Achemwali, nkhaniyi yandigwira, koma pa Lachisanu pali bowo limene aliyense wokonza mafoni aliona. Ndilongosole bwinobwino.

Uthenga ukachoka pa foni yanu n'kufika kwa a WhatsApp, pamabwera tiki imodzi. Ukafika pa foni ya mnzanuyo, matiki amakhala awiri otuwa, ndipo zimenezi zimachitika ngakhale foniyo ili m'thumba, bola ikhale yoyaka ndipo data ikhale yotsegula. Munthu sanaigwire n'komwe. Mpaka apa nkhani yanu ili bwino: foni yazimitsidwa Lachinayi madzulo, "Wagona?" wa 9 koloko wakhala pa tiki imodzi. Ndi momwemo.

Koma online ndi nkhani ina. Mawu amenewo samabwera chifukwa chakuti foni yayaka. Amabwera pamene WhatsApp yatsegulidwa, ili pa sikilini, ndipo ili pa intaneti. Ndiye kuti masana a Lachisanu panali munthu amene anagwira foni ya Limbani n'kulowa mu WhatsApp. Ndani? Nkhani yanu sikunena. Ndipo ngati foniyo ili ndi loko, vuto likukula. Mafoni ambiri a masiku ano, ukawazimitsa n'kuwayatsanso, WhatsApp siyamba kulandira mauthenga mpaka munthu atatsegula loko koyamba. Ndiye mnyamata wa pa shopu akangoiyatsa osadziwa nambala yotsegulira, ngakhale tiki yachiwiri ija siibwera.

Muli ndi njira ziwiri. Foni ikhale yopanda loko, wa pa shopu aiyatse n'kumaonera masitetasi a eni ake. Zimachitika, ngakhale ife a ntchito imeneyi sitikondwera kuzinena. Kapena Limbani aisiye kwa mng'ono wake amene amadziwa kutsegula.

China chaching'ono: bandulo ikhale ya sabata. Ikakhala ya tsiku limodzi yogulidwa Lachinayi m'mawa, pofika masana a Lachisanu yatha kale.

Nachisale_wa_Linga

Achimwene, zimenezi ndi zimene ndimafuna. Ndinkaganiza kuti foni ikangoyaka imaonetsa online yokha. Nanga mng'ono wakeyo akalowa mu WhatsApp, matiki a Tiyamike sasanduka abuluu?

Wamafoni_Kamuzu_Road

Ayi, pokhapokha atsegule macheza a Tiyamike enieniwo. Akhoza kukhala mu WhatsApp ola lathunthu akuonera masitetasi kapena kulembera anzake, mauthenga a Tiyamike n'kukhalabe otuwa. Kwa amene akudikira, zimenezi zimapweteka kuposa abuluu, chifukwa zimaoneka ngati munthu akukulambalala dala. Pa nkhani yanu ndi zabwino kwambiri.

Wa_ku_Dwangwa

Ine ndikudziwa kuti tiki imodzi ndiye kuti wakubuloka. Tiyamike akanangodziwa Lachinayi usiku lomwelo n'kugona.

Wamafoni_Kamuzu_Road

Aise, wanena theka. N'zoona kuti munthu akakubuloka mauthenga ako amakhala pa tiki imodzi, chithunzi chake suchiona, last seen suiona, ndipo ukamuimbira pa WhatsApp siimufikira. Koma tiki imodzi payokha imabweranso foni ikazima, bandulo ikatha, kapena munthu akakhala kopanda netiweki. Kusiyana kwake n'kwakuti ya bulokoyo siisintha, pamene inayo imasanduka iwiri foni ikayaka. N'chifukwa chake zimene Limbani wachita Loweruka, kulemba "Tiya" kuti aone, ndi nzeru. Chithunzi chachoka, inde, koma matiki abwera awiri, ndiye kuti khomo silinatsekedwe. Pamenepo achemwali musasinthe kanthu.

Wa_ku_Dwangwa

Chabwino, koma ine amene anandibuloka anayambanso ndi kuchotsa chithunzi. Mawa lake tiki imodzi mpaka lero.

Mlovi_Wakale

Mwana wanga wolemba, ine za matiki sindizitsata kwambiri, koma pa madzi ndakhalapo zaka zambiri ndisanayambe kulima mpunga ku Lifuwu. Mwezi wasankha bwino. Juni, Julayi ndi Ogasiti ndi nthawi ya mwera, ndipo umachokera kumwera chakum'mawa, ndiye boti la ku Senga Bay likamathawa limapitadi kumpoto. Woyendetsa wanzeru salimbana ndi mafunde otero kuti abwerere kwawo, petulo angathere pakati. Amawatsata n'kufunafuna pokocheza.

Koma pali zinthu ziwiri. Choyamba, usipa wa usiku timaugwira ndi nyali, ndipo nyali zimagwira ntchito kukakhala mdima. Mwezi ukawala kwambiri usipa subwera ku nyali. Ndiye ikapo mzere umodzi wonena kuti unali usiku wopanda mwezi. Ndi zimenenso zingachititse amalumewo kukakamira kupita ngakhale mphepo ikukayikitsa, chifukwa masiku a mdima ndi owerengeka ndipo munthu safuna kutaya limodzi. Amene amakhala m'bwato la nyali timamutcha siginala. Mwera ukadzuka, woyamba kumuganizira ndi iyeyo, mumamukweza m'boti kaye musanathawe. Ukalemba zimenezo asodzi adzadziwa kuti unafunsa.

Chachiwiri ndi chachikulu. M'boti la anthu asanu ndi atatu kapena khumi simulephera kukhala kafoni kamabatani kokulungidwa m'jumbo. Akakocheza pa gombe lachilendo, choyamba ndi kuimbira kunyumba kuti tili moyo, chifukwa kumudzi amakhala atayamba kale kulira. Ndiye wowerenga afunsa kuti, bwanji Limbani sanabwereke foni Lachisanu lonse lija?

Kampango77

Mwamva? Ngakhale madala akuti analibe chowiringula.

Mlovi_Wakale

Sindinatero ine. Ndafunsa funso.

Nasibeko_Chipoka

Yankho lake ndi losavuta. Nambala sankaidziwa pamtima. Ndani pano angatchule nambala ya munthu amene wadziwana naye milungu itatu yapitayo? Anaisunga kamodzi, kuyambira pamenepo amangodina dzina. Ine nambala za pamtima ndili nazo ziwiri, yanga ndi ya amayi anga. Nachisale, ikamo zimenezo. Aime pa gombe paja, kafoni ka mnzake kali m'manja, akumbukire manambala anayi oyambirira okha. Pamenepo ndi pamene tidzamumvere chisoni.

Nachisale_wa_Linga

Ndalemba zonsezi m'kope. Bambo a ku Lifuwu, siginala ndimulowetsa ndithu. Nasibeko, chithunzi cha kafoni m'manja chija ndachitenga.

Mphunzitsi_Benga

Mwakamba za mafoni ndi za nyanja, ine ndikambe za Tiyamike, chifukwa ndikuona kuti ena ayamba kumuona ngati wopupuluma. Sanapupulume. Taganizirani uthenga umene unakhala wosayankhidwawo. Ukanakhala "wadya chiyani", masiku awiri si kanthu. Koma uwu ndi mtsikana amene wayamba yekha kupempha kuti aonane, chinthu chimene kwathu kuno ambiri timaleredwa kuti sachita mkazi. Wadziika poyera. Ndipo uthengawo uli ndi tsiku mkati mwake, Loweruka. Ola lililonse lodutsa likumuyandikiza ku tsikulo asakudziwa ngati avale diresi yabwino kapena ayi. Kukhala chete pa funso lotere kumamveka ngati "ayi" wa munthu wamanyazi, ndipo nthawi zambiri amakhaladi "ayi". Tiyamike wawerenga zizindikiro monga mmene zimakhalira masiku ambiri. Kungoti ulendo uno sizinali choncho.

Chimene ndakonda kwambiri ndi kubwerera ku "inu". Sanatukwane, sanafunse kuti uli ndi wina. Wangobweza ulemu umene anauchotsa, ngati munthu wobweza mbale ya eni. Ndipo pa mapeto sananene kuti ndakukhululukira. "Usazimitsenso" yekhayo wanena zonse. Wolemba usawonjezerepo mawu ofotokoza pamenepo, ungaononge.

Kampango77

Pamenepo ndikuvomera. Koma bwanji sanangoimba? Mayunitsi a mphindi imodzi. Lachinayi usiku akanamva kuti foni ndi yozima, mtima n'kukhala pansi.

Mphunzitsi_Benga

Sanayambe ayankhulanapo pa foni, achimwene. Milungu itatu yonse akhala akulemberana. Kuimbira koyamba munthu amene wangokusiya pa matiki abuluu kumafuna mtima wina. Ndiponso foni yozima ikanamuuza chiyani? Akanati wazimitsa pothawa ine.

Chembe_cha_Chia

Ine zinandichitikira, koma mbali ya Limbani. Ndinali kuchipatala ndi bambo anga masiku atatu, akudwala kwambiri. Munthu amene tinkacheza naye analemba, ndinatsegula ndili pa mzere wa mankhwala, dzina la bambo linaitanidwa, ndinaika foni m'thumba. Pamene ndinkakumbukira linali tsiku lachitatu. Ndinapeza mauthenga asanu ndi awiri, oyamba ofunsa bwinobwino, omaliza onyoza mtundu wanga. Ndinamufotokozera, anapepesa, koma zinali zitatha. Osati chifukwa cha kuchedwa kwanga, koma chifukwa ndinali nditaona mmene amayankhulira akakwiya. Ndiye ine pa nkhaniyi ndikuona kuti chimene chapulumutsa awiriwa ndi mauthenga awiri ofufutidwa aja. Limbani akanawerenga mizere khumi ndi iwiri ija, sindikudziwa ngati akanajambula mawu.

Kuyambira pamenepo ndinazimitsa Read receipts. Sindifunanso kuti foni izindiyankhira ndisanakonzeke.

Wa_ku_Dwangwa

Anthu ozimitsa matiki ndi amene ali ndi zobisa.

Chembe_cha_Chia

Ndangokuuza kumene chifukwa changa, aise. Werenganso.

Wamafoni_Kamuzu_Road

Amene mukufuna kutero, zili mu Settings, kenaka Privacy, n'kutseka Read receipts. Koma dziwani kuti ukatseka, iwenso suonanso abuluu a anzako, ndipo m'magulu zimaonekabe kuti wawerenga. Matiki abuluuwa anabwera mu 2014, kale kunalibe. Chimene ambiri sadziwa ndi ichi: ukadina uthenga wako n'kuugwira, n'kusankha Info, umaona nthawi imene unafika ndi nthawi imene unawerengedwa. Tiyamike akanayang'ana pa "Wagona?" uja akanaona kuti anautumiza 9 koloko usiku koma unafika mawa lake cha m'ma 10 koloko m'mawa. Maola 13 foni isali pa intaneti, kwa munthu amene masiku onse ankacheza naye mpaka usiku. Chimenecho chikanamuuza kuti pali china chachitika.

Za kufufuta, a Chembe, zinayenda chifukwa palibe amene anatsegula. Delete for everyone sichotsa zimene munthu waona kale, ndipo nthawi zina amakhala atawerenga pamwamba pa sikilini uthenga utangolowa. Ngati foni ili ndi mng'ono wake, achemwali olemba, mwana ameneyo angakhale atawerenga mizere khumi ndi iwiri ija.

Nachisale_wa_Linga

Mayo, zimenezo sindinaziganize. Mwanayo akudziwa zimene mkulu wake sakudziwa. Ndikuganiza kuti ndimusiya ayang'ane pansi popereka foni, osanena kanthu.

Nasibeko_Chipoka

Pepani ndipatuke pang'ono. Bambo a ku Lifuwu, kodi sakanathawira ku chilumba cha Mbenji? Chili kumpoto komweko.

Mlovi_Wakale

Akanatha, kutengera pamene mphepo yawapeza. Julayi ku Mbenji kumakhala kotsegula, amatseka nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, mwa lamulo la mfumu Makanjira. Kuli malamulo ake: akazi safika, mowa ayi, juga ayi. Ndi chifukwa chake utaka wa kumeneko sunathe ngati malo ena. Koma wolemba akatchula Mbenji ayenera kukudziwa bwino, anthu a ku Chikombe amugwira bodza pa mzere woyamba. Gombe lopanda dzina lija lili bwino.

Kampango77

Usipa chaka chino wakwera mtengo moti chigoba chimodzi ukuganiza kawiri. Ku Chipoka zili bwanji?

Nasibeko_Chipoka

Chimodzimodzi. Mwera ukawomba masiku atatu, mathandala amakhala opanda kanthu ndipo otsala nawo amatchula mtengo umene akufuna.

Mlonda_wa_Gulu

Za mitengo kuli malo ake, abale. Tibwerere kwa Tiyamike.

Mai_a_Mapasa

Ine ndibwerere ndi nkhawa yanga. Atsikana owerenga nkhaniyi angaphunzire kuti mwamuna akasowa masiku awiri n'kubwera ndi nkhani ya ngozi, uzimukhulupirira. Mwana wa mchemwali wanga anacheza ndi wina wa pa foni mwezi wathunthu. Anasowa masiku atatu, anabwera ndi nkhani yoti galimoto yagwidwa, akufuna ndalama pang'ono kuti aiombole. Anatumiza. Anasowanso, anabweranso ndi ina. Nkhope yake sanaione mpaka lero. Nanga Tiyamike wadziwa bwanji kuti za mwerazi ndi zoona?

Mphunzitsi_Benga

Funso limenelo ndi lolemera, amayi. Ine ndikuona zinthu zitatu m'nkhanimu, ngakhale wolemba sanazitchule. Limbani sanapemphe kanthu. Akanati nditumizire ya petulo boti latsala ku gombe, nkhani ikanakhala ina. Kenaka mwera si chinthu chobisika. Tiyamike amakhala m'mbali mwa nyanja yomweyo, mphepo ya Lachinayi usiku inagwedeza malata a nyumba yake, ndipo ana a asodzi a m'kalasi mwake akanakhala akuikamba Lachisanu. Komanso zimene waulula m'mawu aja zikumuchepetsa iye mwini m'maso mwake. Wonama amadzikweza, uyu akuvomera chimene ankachita nacho manyazi. Komabe sindikuti zimenezi ndi umboni wokwanira. Wakuba wochenjera amayamba wadikira asanapemphe.

Mai_a_Mapasa

Ndiye akakumane masana, pa anthu, ndipo azakhali akewo adziwe kumene wapita. Osati kumutengera ku gombe madzulo.

Nachisale_wa_Linga

Zimenezo ndiziika, amayi. Adzauza azakhali, ndipo adzakumana pa malo odyera a m'tauni dzuwa lili pamutu. Koma mwandikumbutsa kuti mawu a masekondi 40 aja sindinawalembe, ndinawabisa dala. Tsopano ndikukayika. Ndayesa kuwalemba motere:

"Tiya, ndine. Uthenga wako ndinauona Lachinayi ndili pa doko, ndinalakwa kusayankha pomwepo. Ndinkafuna ndiyambe ndakuuza kuti ine sindigulitsa nsomba kokha, ndimalowanso m'madzi. Mwera unatipeza, tangofika kumene. Ngati ukubwerabe, ndikufuna tionane. Ngati wasintha maganizo, ndimva."

Ndiwaike kapena ndiwasiye obisika?

Chembe_cha_Chia

Aike. "Ndinalakwa" ali kutsogolo, mwera uli kumbuyo. Akanayamba ndi mwera zikanamveka ngati akuti iwe ndiye wolakwa pokwiya. Ine pofotokoza za kuchipatala ndinayamba ndi matenda a bambo, ndipo munthu uja anangoti bwanji sunanene.

Mphunzitsi_Benga

Ine ndikuti awasiye. Tamuona akumvera kawiri m'minibasi, tamva azimayi a usipa kumbuyo. Wowerenga aliyense adziikira mawu amene iye akanafuna kumva. Ukawalemba, ena aziti ndi ochepa, ena aziti ndi okometsera.

Kampango77

Awaike chifukwa akuvomera zimene ndinanena poyamba paja. Analakwa. Mawu asanu asanakwere boti, nkhani yonseyi kulibe.

Nasibeko_Chipoka

Koma sanasiye kuyankha chifukwa chopeputsa. Anasiya chifukwa anauona uthengawo kukhala waukulu, wofuna yankho lokonzedwa. Amene sakusamala ndi amene amayankha msanga "ok". Ine sindingamuike pamodzi ndi anthu ongonyalanyaza.

Kampango77

Wodikirayo sakuona zamumtimazo. Akuona 4:52 basi.

Mlovi_Wakale

Mwana wanga, kaya uwaika kaya ayi, konza mawu amodzi. Msodzi sanena kuti "ndimalowa m'madzi", amenewo ndi a ana osambira. Amati "ndimapita pa nyanja". Ndipo munthu amene wagona pa mchenga wa eni, wadya nsima yopempha, akafika sayamba ndi foni. Amalume ake amutuma kaye atsitse injini ndi kuyanika chilimira. Ika 9 koloko m'malo mwa 7.

Wamafoni_Kamuzu_Road

Mukasintha nthawiyo muwerengenso ulendo wa minibasi. Kuchoka ku Nkhotakota kufika ku Salima ndi makilomita opitirira 100, ndipo ndi kuima kwa pa Benga ndi malo ena, maola awiri amakwana n'kupitirira. Ngati mawu atumizidwa cha m'ma 9:30 iye asanafike pa Benga, ndiye kuti wanyamuka mochedwerapo.

Nachisale_wa_Linga

Anyamuka mochedwa chifukwa anayamba wakhala pa bedi akuganiza zosapita. Zandithandiza zimenezo. Bambo a ku Lifuwu, siginala uja akakwezedwa m'boti, bwato lake amalikoka kapena amalisiya?

Mlovi_Wakale

Mafunde akalola mumalikwezanso kapena kulimanga kumbuyo. Akakula kwambiri mumadula chingwe, bwato lidzapezeka lina. Lako ulidule. Amalumewo akhale ndi chowawira mtima Loweruka m'mawa, kuti mnyamatayo azijambula mawu ake chapansipansi kuseri kwa thandala.